Utsi wa Pamoto ndi Mapapo Athu: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Zaumoyo ku Mufakose, Harare

  Ndiyankhula m'Chichewa cha makolo athu, ndipo pamene lilime literereke n'kugwera m'Chishona mundikhululukire, tonse ndife ana a kuno.

Nkhani yanga ndi ya utsi, ndipo ndiyambira pa magetsi, chifukwa kuno ku Harare nkhani ya utsi imayambira pamenepo. Ambiri a ife tili ndi mbaula ya magetsi m'nyumba. Koma mukukumbukira chaka cha 2019, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo a ZESA ankatithimitsira magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Ankabwera pakati pa usiku, n'kuchoka tambala asanalire kachiwiri. Kumapeto kwa 2022 zinabwereranso, 2024 chimodzimodzi chifukwa cha chilala. Tinabwerera ku nkhuni, ku makala, ku utuchi wa kwa akalipentala a ku Glen View, ena mpaka ku mapulasitiki ndi nsapato zakutha. Anzathu a ku Hopley ndi mbali zina za Epworth, kumene waya wa magetsi sunafike n'komwe, iwo sanachokepo pamoto chiyambire.

Wina anena kuti agogo athu ku Dedza kapena ku Mangochi anaphika pa mafuwa moyo wawo wonse. Zoona. Koma kumbukirani khitchini ya kumudzi: inali kanyumba kapadera, denga la udzu lotulutsa utsi, ndipo anthu sankagonamo. Kuno ambiri tikuchita lendi chipinda chimodzi. Momwemo ndi mophikira, momwemo ndi mogona, momwemo ndi mosewerera mwana. Ndiponso agogo aja ankatsokomola, ife tinkangoti n'chifuwa cha ukalamba.

Tiyeni tione chimene chili mu utsi. Nkhuni ikapsa bwino lomwe, imasanduka kutentha, nthunzi ndi phulusa. Koma pa mafuwa siipsa bwino lomwe, chifukwa mpweya sufika mokwanira pakati pa moto ndipo mphika wozizira uja umaziziritsa malawi. Zimene zalephera kupsazo ndizo utsi. Mbali ina mumaiona ndi maso, ndi mwaye uja umadetsa malata ndi makatani. Mwaye waukuluwo thupi limadziwa kulimbana nawo: umakodwa m'tsitsi la m'mphuno ndi m'mamina, mumayetsemula, mumamina zakuda, zatha. Woopsa ndi fumbi losaoneka, limene a zaumoyo amalilemba kuti PM2.5. Kuti mumvetse kuchepa kwake, zulani tsitsi limodzi m'mutu mwanu, muyang'ane kunenepa kwake. Tinthu timeneti mutati mutindandalike pafupifupi 30, m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzilo. Mphuno siitha kutigwira. Timatsika ndi mpweya mpaka pansi penipeni pa mapapo.

Mapapo ali ngati mtengo wozondoka. Kholingo ndiye thunthu, limagawika pawiri, nthambi n'kumagawikagawika mpaka timitsitsi tating'ono, ndipo kumapeto kwake kuli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni. Khungu la timatumbati n'lopyapyala kwambiri kuti mpweya wabwino uzidutsa n'kulowa m'magazi. M'njira za mpweyazo Mulungu anaikamo osesa. Muli ntchofu yomata imene imagwira fumbi ndi tizilombo, ndipo pansi pake muli titsitsi tosaoneka timene timakupiza usana ndi usiku, kukankhira ntchofuyo kukhosi kuti muimeze kapena muilavule. Utsi umafooketsa titsitsi timeneti. Osesa akafooka, ntchofu imadikha, thupi limapanga ina yambiri pofuna kudziteteza, ndiye chifuwa cha m'mawa uliwonse chija cha makhololo. Pansi pa timatumba palinso asilikali a thupi amene ntchito yawo n'kumeza tizilombo toyambitsa matenda. Akakhuta mwaye, tizilombo ta chibayo tikabwera timapeza alonda ali lefu. Choncho utsi pawokha si kachilombo, supatsa munthu chibayo kapena chifuwa chachikulu mwachindunji. Umatsegulira matendawo chitseko.

Tsopano tiyerekeze mayi mmodzi, sinditchula dzina chifukwa mayi ameneyu ali m'misewu yathu yonse. Akuchita lendi chipinda cha mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi, denga lili pa mamita awiri ndi theka. Zenera ndi limodzi, ndipo galasi lina linasweka, anatsekapo ndi katoni. Ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu ndi wina wa zaka zinayi. Ndi mwezi wa Juni, kuzizira kwa Harare mukukudziwa. Magetsi kulibe. Mwininyumba sakufuna moto pabwalo pake poti ukudetsa khoma, ndiye mayiyu wakoleza moto m'chitini pakhomo penipeni, chitseko chili chotsegula pang'ono, mphepo ikukankhira utsi m'kati. M'mawa ola limodzi la madzi osamba ndi phala. Madzulo nyemba zosaviika, maola atatu, kenako nsima. Mwana wamng'ono ali kumbuyo nthawi yonseyo, ndipo mayi akawerama kuuzira moto kapena kuvundula nsima, nkhope ya mwana imabwera pamwamba pa phewa, m'njira yeniyeni ya utsi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti fumbi losaoneka lija lisamapitirire mamaikulogalamu 15 mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, tikatengera tsiku lathunthu. Mawu akuti maikulogalamu asakuopseni, ndi muyeso chabe wa kulemera kochepetsetsa. Chipinda cha mayi uja chimalowa mabokosi otere 22. Tikachulukitsa 22 ndi 15 tipeza 330, ndipo kulemera kumeneko n'kofanana ndi timibulu towerengeka ta mchere wa patebulo. Fumbi lochepa choncho, litamwazika m'chipinda chonse, lafika kale pamalire. Ndiye ganizirani moto wa maola anayi umene ukudetsa malata. A WHO omwewo amati m'nyumba zopanda potulukira mpweya utsi umatha kupitirira mlingo woyenera ka 100. Munthu wamkulu amapuma malita oposa 10,000 a mpweya pa tsiku, ndiye kuti zigubu 500 za malita 20 zija timatungira madzi ku mjigo. Madzi a chigubu chimodzi akaoneka akuda timawataya. Mpweya sitisankha.

Mwana ndiye amalipira kwambiri, pa zifukwa zitatu zimene zimagwirizana. Amapuma mofulumira, kawiri kapena katatu kuposa mayi ake, choncho poyerekeza ndi kathupi kake amakoka utsi wambiri. Njira zake za mpweya n'zopapatiza ngati kaphesi, zikangotupa pang'ono mpweya umavutika kudutsa. Ndipo mapapo ake akadamangidwa, timatumba tija timapitiriza kuchuluka m'zaka zoyambirira za moyo, kotero chimene chawonongeka pa msinkhu umenewo mwana amakula nacho. Ziwerengero za WHO za chaka cha 2020 zimati utsi wa m'nyumba unatenga miyoyo pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo ana osafika zaka zisanu anali oposa 237,000. Amatinso pa ana aang'ono amene amamwalira ndi chibayo, pafupifupi theka utsi wa m'nyumba umakhala utathandizira.

Apa ndiima pang'ono, chifukwa ichi ndicho ndikufuna aliyense apite nacho kunyumba m'manja: kusiyanitsa chimfine ndi chibayo. Mwana wa mayi uja wayamba kutsokomola, thupi latentha. Musayambe ndi kumvetsera chifuwa, yambani ndi kuwerenga mpweya. Dikirani mwana akhale phee, asakulira, asakuyamwa, akagona ndiye bwino kwambiri. Vundukulani kamalaya, muyang'ane pamimba. Tengani foni, muike mphindi imodzi yathunthu, osati theka. Mimba ikakwera n'kutsika, ameneyo ndi mpweya umodzi. Mwana wosakwana miyezi iwiri akafika 60 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu, malire ndi 40. Tinene kuti mayi uja wawerenga 56 pa mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu. Abwereze kachiwiri kuti atsimikize. Akapezanso choncho, apite kukiliniki tsiku lomwelo, osati mawa, osati akadikire bambo abwere kuntchito.

Chachiwiri yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukuka limodzi. Mukaona kuti pokoka mpweya m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati, mwanayo akulimbana. Ndipo ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, ali lenda osadzuka bwino, kapena milomo yasanduka yotuwa mobiriwira, pamenepo musataye nthawi ndi mandimu kapena mafuta opaka pachifuwa. Imeneyo ndi nkhani ya chipatala chachikulu, ku Sally Mugabe chimene akuluakulu mukadachitchula kuti Gomo, kapena ku Parirenyatwa, ngakhale pakati pa usiku. Chibayo chikagwidwa msanga chimachizika ndi mankhwala wamba a amokisilini, koma akhale olembedwa ndi namwino molingana ndi msinkhu wa mwana, ndipo amalize onse. Makapisozi ogula pamsika, awiri lero awiri mawa, amangophunzitsa tizilombo kupirira.

Nanga mayi mwiniwakeyo? Iye matenda ake sabwera ndi phokoso. Zaka 20, zaka 30 ali pamoto, njira za mpweya zimatupa n'kuchira, kutupa n'kuchira, mpaka zimakhala ndi zipsera n'kupapatiza osabwereranso. Timatumba tina timang'ambika n'kulumikizana kukhala matumba akuluakulu olobodoka, mpweya umalowa koma kutuluka umavuta. Pa khadi lakuchipatala amalemba zilembo zinayi, COPD. Anthu ambiri amadziwa kuti ndi matenda a abambo osuta fodya. Koma kuno kwathu timawapeza mwa azimayi amene sanagwirepo ndudu chibadwire. Chizindikiro choyamba n'chakuti ntchito imene munkaichita osaganiza yayamba kukupatsani befu. Chigubu chochokera ku mjigo munkafika nacho osatula, lero mukutula kawiri. Mukamayenda ndi anzanu a msinkhu wanu kupita kutchalitchi, inu mukutsalira, ndipo simungathe kuyenda mukucheza. Kwaya ikakoka mawu aatali, inu mukudulira pakati. Ambiri amati ndakalamba, kapena ndanenepa. Pa zaka 45 si ukalamba umenewo.

Matendawa amasiyana ndi mphumu. Mphumu imabwera n'kupita, pakati pake munthu amakhala bwino. Awa amakhalapo tsiku lililonse ndipo amakula pang'onopang'ono. Ekisire kawirikawiri siwaonetsa akamayamba. Choyezera chake chenicheni ndi makina ouziramo mwamphamvu, amene amaona kuchuluka kwa mpweya umene mungatulutse pa sekondi yoyamba, ndipo amapezeka kuzipatala zazikulu, osati kukiliniki ya m'dera. Ndikuuzeni mosabisa: chimene chawonongeka sichibwerera. Mankhwala opopera m'kamwa amathandiza kupuma, kuchoka pautsi kumachedwetsa kuwonongeka, koma mapapo atsopano kulibe. Ndipo wina asamve izi n'kudziyeza yekha. Chifuwa chilichonse chopitirira milungu iwiri, makamaka ngati pali kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, choyamba n'kukayezetsa chifuwa chachikulu. Makiliniki a khonsolo amatenga makhololo, chipatala cha Beatrice Road chilipo chifukwa cha zomwezo, ndipo mankhwala a TB ndi aulere. Amene tili ndi kachilombo ka HIV, kapena tinadwalapo TB, mapapo athu ali kale ndi zipsera, utsi umatipweteka kuposa anzathu.

Fumbi lija silithera m'mapapo mokha, lina limakhudza magazi ndi mitsempha, ndipo pa imfa 3.2 miliyoni zija zoposa theka ndi za mtima ndi sitiroko. Limathandiziranso ng'ala m'maso ndi kubadwa kwa ana ochepa sikelo. Koma zimenezo n'za tsiku lina.

Tibwerere m'chipinda chija, chifukwa usiku sunathe. Mayi waphika, ana adya, kunja kukuzizira koopsa. Pa chitini patsala makala ofiira, utsi palibe. Akuti ndilowetse mbaula ana afundidwe, n'kutseka chitseko, n'kutsekanso mpata wa pansi ndi chiguduli. Azimayi anzanga, apa ndiye pamene pamafa mabanja athunthu, ndipo chaka chilichonse m'nyengo yozizira apolisi a dziko lino amachenjeza za mbaura, monga amanenera anzathu Achishona. Makala akamanyeka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wotchedwa kaboni monokisaidi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso, sutsokomoletsa. Magazi athu amaukonda kuposa mpweya wabwino ka 200 ndi kupitirira, ndiye ukalowa umakhala pampando wa mpweya wabwino osachokapo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo. Ali m'tulo sadzuka.

Njira yozindikirira ndi iyi: anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi akadwala mutu nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja akupezako bwino, musaganize za malungo, musaganize za chakudya cha dzulo, musaganize za mnansi amene munakangana naye. Yang'anani mbaula. Mukapeza anthu atakomoka, tsegulani chitseko ndi zenera, muwakokere panja, muthamangire nawo kuchipatala chifukwa mankhwala ake ndi okosijeni. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu, ndipo kumwetsa munthu wokomoka n'kumutsamwitsa. Ena amati makala akafiira onse ndiye kuti poizoni watha. Bodza limenelo laika anthu m'manda. Ena amaika beseni la madzi pambali kuti likoke mpweya woipa. Silikoka kanthu. Mbaula sigona m'nyumba, basi. Jenereta chimodzimodzi. Ngati ana akuzizidwa, thirani madzi otentha m'botolo lolimba, mulitseke bwino, mulikulunge ndi nsalu, muliike kumapazi kwawo.

Tsono tichite chiyani? Pano ndikufuna ndikuuzeni za kafukufuku amene anachitikira kwathu ku Malawi, chifukwa amatiteteza ku chiyembekezo chabodza. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, akatswiri a ku Malawi pamodzi ndi a sukulu ya zamankhwala ya ku Liverpool anatenga midzi 150, ana oposa 10,000 osafika zaka zisanu. Theka la midziyo mabanja analandira mbaula ziwiri zamakono, zokhala ndi kachokupizira mphepo koyendera batire ndi sola yotchajira, mbaula zimene poziyesa zinkachepetsa utsi kwambiri. Theka linalo anapitiriza pa mafuwa. Anawatsatira zaka ziwiri. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo zinadabwitsa ambiri: chibayo sichinatsike. Mbali zonse ziwiri, pa ana 100 alionse, chinkagwa pafupifupi ka 16 pa chaka. Chimene chinatsika ndi kupsa ndi moto kwa ana.

Chifukwa chiyani? Mbaula zinkawonongeka pafupipafupi. Mabanja ambiri ankaphika pa mbaula yatsopano uku mafuwa akuyakanso pambali, poti mphika waukulu sukhala pa kambaula. Ndipo mwana sapuma utsi wa amake okha, amapumanso wa aneba, wa zinyalala zotenthedwa, wa nyali. Palinso china chimene ndimachifanizira ndi madzi a m'chithaphwi. Mukachotsa theka la matope, madziwo sanafike pomwedwa. Mapapo nawonso, utsi ukakhala wochuluka ka 100, kuutsitsa kufika ka 50 sikusintha zambiri. Phindu lenileni limayamba kuoneka mukatsika pansi kwambiri. Ngakhale kafukufuku wina wamkulu wa gasi, amene anachitika ku Rwanda, India, Peru ndi Guatemala, anapeza kuti gasi anachotsadi utsi wambiri koma chibayo choopsa mwa makanda sichinasiyane kwenikweni. Chibayo chili ndi makomo ambiri. N'chifukwa chake katemera wa chibayo, amene ana kuno akhala akulandira kuyambira 2012, kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndi kudya mokwanira, sizilowedwa m'malo ndi mbaula ina iliyonse.

Sindikunyoza chitetezo mbaula ya kwathu kapena mbaula ya tsotso ya kuno. Zimapulumutsa nkhuni, zimapulumutsa ndalama, zimateteza ana kumoto, gulani. Koma wina akadzakuuzani kuti ndi mbaula iyi mutha kuphikira m'chipinda chogona, mukaneni. Maganizo anga ndi akuti funso loyamba si lakuti ndikuphikira pa chiyani, koma ndikuphikira pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mwana ali kuti.

Tiyeni timukonzere tsiku mayi uja popanda kumupatsa ndalama zimene alibe. Moto uchoke pakhomo, upite panja penipeni, mapazi angapo kuchokera pa chitseko ndi zenera, mbali imene mphepo ikupita, ndipo chitseko cha chipinda chitsekedwe pamene moto ukufuka. Nkhani ya mwininyumba ndi yoona, koma ochita lendi anayi a nyumba imodzi atapita limodzi kukapempha ngodya imodzi ya kuseri, n'kuikapo malata awiri pamwamba, m'mbali mosatseka, amamveka kuposa mmodzi. Mvula ikakukakamizani kuphikira m'kati, tsegulani mbali ziwiri, chitseko ndi zenera, kuti mpweya udutse. Bowo limodzi silitulutsa utsi. Ndipo tiziboo ta m'mwamba mwa khoma tija timatseka ndi nyuzipepala poopa kuzizira, titsegule, anatiikira dala.

Mwana atsike kumbuyo. Ndikudziwa kuti n'kosavuta kunena, mwana wokwawa pafupi ndi moto ndi ngozi inanso. Koma utsi woipitsitsa umatuluka nthawi ziwiri, pokoleza ndi posonkhezera nkhuni zatsopano. Mphindi 15 zoyambazo mwana akhale ndi mnzanu wa chipinda chinacho, mawa inu mudzamugwirire wake. Mbaula ya makala ikolezedwe panja nthawi zonse. Ndipo tisiye kukolezera pulasitiki. Ndikuona ena mukuseka, ndikudziwa kuti imagwira msanga. Koma utsi wa pulasitiki, wa matayala, wa nsapato, wa matabwa opaka penti ndi wa mitengo yonyikidwa m'mankhwala a chiswe uli ndi poizoni amene nkhuni wamba zilibe. A utuchi, funsani kumene wachokera. Wa matabwa enieni ndi wina, wa mabolodi omata ndi guluu aja amapangira makabati ndi wina, umenewo usiyeni.

Nkhuni ziume. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madziwo usanatenthe mphika wanu, n'chifukwa chake umafuka. Ogulitsa m'mbali mwa msewu sadzakuuzani. Yang'anani kumapeto kwa chikuni, chouma chimakhala ndi ming'alu. Menyanitsani ziwiri, zouma zimalira kuti ngwe, zaziwisi zimangoti phu. Pamoto chachiwisi chimalira tsii n'kutuluka thovu kumapeto. Waleni zikhale zing'onozing'ono, gulani za sabata yamawa sabata ino ziyambe zaona dzuwa, ndipo musadzaze moto, nkhuni zitatu zopyapyala zokhala ndi mpata pakati zimayaka bwino kuposa mtolo wothinana.

Kenako nyemba zija za maola atatu. Ziviikeni usiku wonse, mutaye madziwo. Mawa ziwire kwambiri pamoto mphindi 15 kapena 20, zikhale zovundikira. Ndiye phulani mphika uli chiwirire, osatsegula, muukulunge m'bulangete lakale, muuike m'dengu kapena m'katoni yodzaza nsanza kapena nyuzipepala, pansi, m'mbali ndi pamwamba pomwe. Usiyeni maola anayi kapena asanu. Zimapsa zokha ndi kutentha kwake komwe. Madzulo mungoziwiritsanso pang'ono pothira tomato ndi anyezi. Chimene chimalakwika n'kusuzumira, mukatsegula kutentha kwathawa, komanso kamphika kosadzaza kamazizira msanga. Mukapeza mphika wazizira, wiritsaninso bwinobwino musanadye. Njira yomweyi imagwira pa samp, amene kwathu timati chingowe kapena mphale yophika, ndi pa makongono a ng'ombe. Moto wa madzulo wa mayi uja watsika kuchoka pa maola atatu ndi theka kufika pa ola limodzi.

Za gasi ndinene mwachidule. Amene mungathe, ndiye njira yoyera kuposa zonse magetsi akathima, ndipo chodula kwambiri ndi kugula silinda poyamba, chinthu chimene chipereganyu chathu, mukando uja, chimatha kumugulira mayi mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Gasi akakhala wochepa, musamuthere pa nyemba. Musungireni zophika za m'kati ndi zofulumira, phala la m'mawa, tiyi, ndiwo zamasamba, tsiku la mvula, ndipo zotenga nthawi zipite panja kapena m'dengu lija. Lawi likhale la buluu, likakhala lachikasu n'kumadetsa mphika ndiye kuti mutu wa mbaula watsekeka, utsukeni. Polumikizira paipi pakani thovu la sopo, likatukuka ndiye kuti pakutuluka gasi, ndipo musayese ndi machesi. Palafini a WHO ananena kale m'malangizo awo a 2014 kuti ndi bwino kumupewa m'nyumba, amafuka, amayatsa nyumba, ndipo ana amamumwa akasungidwa m'botolo la zakumwa.

Chotsiriza n'cha kukiliniki. Namwino akakufunsani ngati mumasuta, musangoti ayi n'kukhala chete. Muuzeni kuti sindisuta koma ndaphika pa nkhuni zaka 25, kapena kuti timaphikira m'chipinda chimene mwanayu amagona. Mawu amenewo amasintha zimene iye aganize ndi zimene ayeze. Ndaona pali ana anayi kapena asanu m'chipinda chino amene agona kumbuyo kwa amayi awo. Tisanamwe tiyi, amene muli ndi mafoni muwatulutse, tikhale m'magulu, tiyeseze kuwerenga mpweya pa ana amenewa, ine ndizizungulira kuona ngati mawerengedwe athu akufanana.